Sopulano, aluto, tenala kapena besi: mawu anu malo ake ndi ati m'kwaya?

Lamulungu lililonse m'mawa mu Lilongwe, ku tchalitchi chachikulu cha Katolika ku Maula, ku St Peter's ya Angilikani ku Old Town, m'mipingo ya CCAP ya pansi pa Sinodi ya Nkhoma ndiponso m'matchalitchi ozungulira City Centre, makwaya amaimirira m'magulu anayi. Anthu ambiri a m'magulu amenewo sanayesedwepo mawu. Tsiku limene analowa kwaya anangouzidwa kuti amayi akhale uku, abambo uko, ndipo pamene anakhala tsiku limenelo ndi pomwe ali mpaka lero. Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi: gawo la munthu m'kwaya liyenera kuchokera pamene mawu ake amakhala momasuka kwa nthawi yaitali, osati pa noti yapamwamba imene angaikhudze kamodzi, osatinso pa kusowa kwa anthu m'gawo lina.

N'chifukwa chiyani magawo ake ndi anayi, osati atatu kapena asanu?

Yankho lili m'kapangidwe ka nyimbo zimene makwaya athu amaimba. Nyimbo za m'mabuku a tchalitchi zimayenda pa makhodi, ndipo khodi yodziwika kwambiri ili ndi manoti atatu: do, mi ndi so. Manoti atatuwa ali ngati mafuwa, chifukwa mukachotsapo limodzi mphika supeza pokhala. Akamveka onse pamodzi khutu limamva kuti nyimbo yadzaza. Ndiye wina angafunse kuti, ngati manoti ndi atatu, wachinayi akudzatani? Wachinayi amabwereza imodzi mwa manoti atatuwo, kawirikawiri do, koma pa okitevu ina. Kubwereza kumeneku kumapatsa wopeka nyimbo mpata woti gawo lililonse liyende pang'onopang'ono kuchoka pa khodi ina kupita pa inzake popanda kudumphadumpha. Ndi magawo atatu okha, nthawi zina khodi imatsala yoperewera kapena gawo lina limakakamizika kudumpha patali. Ndi asanu, oimba amayamba kupondana.

Gawo lililonse lili ndi ntchito yake. Sopulano, amene ena amati mawu oyamba, amanyamula chuni, chija mpingo wonse umachidziwa ndi kuchiimba pobwerera kunyumba. Besi amaimba pansi pa onse ndipo nthawi zambiri amagwira noti imene khodi yakhazikikapo, choncho ndiye amauza khutu kuti nyimbo ili pati ndipo ikulowera kuti. Aluto ndi tenala amadzaza pakati. Ntchito yawo sionekera msanga, koma nthawi zambiri ndi iwo amene amagwira noti yosiyanitsa khodi yomveka mowala ndi khodi yomveka mwachisoni. Aluto akaphonya pang'ono pokha, khodi yonse imasintha nkhope ngakhale sopulano ndi besi ali bwinobwino.

Kaimbidwe ka magawo anayi kanakhwima ku Ulaya zaka mazana angapo zapitazo, ndipo nyimbo za tchalitchi zimene Johann Sebastian Bach, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1685 mpaka 1750, anazikonzera magawo anayi zimaphunzitsidwabe m'masukulu a nyimbo monga chitsanzo. Kuno kwathu kanabwera ndi amishoni: a ku Scotland amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndiponso a Dutch Reformed a ku South Africa amene anafika ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma mu 1896. Pamodzi ndi nyimbozo kunabwera solofa, njira yolembera manoti ndi zilembo d r m f s l t, imene John Curwen anaifalitsa ku England kuyambira m'ma 1840 potengera ntchito ya Sarah Glover wa ku Norwich. N'chifukwa chake mpaka lero akwayamasitala ambiri a mu Lilongwe amalemba mizere inayi ya zilembo pa bolodi kapena pa pepala.

Kodi n'chiyani chimachititsa kuti mawu a wina akhale okwera, a wina otsika?

M'kholingo muli timinofu tiwiri timene timagundana ndi kunjenjemera mpweya ukamadutsa pakati pake. Tikanjenjemera mofulumira noti imakwera, tikanjenjemera pang'onopang'ono imatsika. Noti ya A4, imene zida zambiri zoimbira zimachunidwirapo, imatuluka timinofuti tikanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Noti ya C4, ija ya pakati pa kiyibodi, ndi pafupifupi ka 262. Okitevu iliyonse yokwera imawirikiza kawiri nambala imeneyi, choncho A3 ndi ka 220 ndipo A2 ndi ka 110. Mwa mwamuna wamkulu timinofuti timatalika pafupifupi mamilimita 17 mpaka 25, mwa mkazi pafupifupi 12 mpaka 17. Tatitali ndi tonenepa timanjenjemera mochedwa, n'chifukwa chake amuna ambiri amalankhula cha m'ma A2 mpaka C3 pamene akazi ambiri amalankhula pafupifupi okitevu imodzi pamwamba pake.

Apa pali chinthu chimene chiyenera kumveka bwino. Kutalika kwa timinofuti munthu sasankha, ndipo pulakatisi siingakusinthe. Pulakatisi imathandiza munthu kugwiritsa ntchito bwino mawu amene ali nawo: amaphunzira kupuma bwino, kumasula nsagwada ndi lilime, ndipo amatha kuwonjezera manoti awiri kapena atatu m'mwamba amene anali nawo kale koma sankadziwa kuwafikira. Pansi pamawonjezereka zochepa kwambiri. Palibe pulakatisi imene ingasandutse tenala kukhala besi weniweni. Tisasokonezenso kukwera kwa noti ndi kukula kwa mawu. Munthu wa mawu amphamvu sindiye kuti ndi sopulano, ndipo bambo wa thupi lalikulu sindiye kuti ndi besi. Alipo abambo ojintcha amene ndi matenala opepuka, alipo anyamata ochepa thupi amene amagunda F2 mosavutikira.

Gawo lililonse limayambira pati n'kulekezera pati?

Pa kiyibodi ya makiyi 61, yofala m'matchalitchi athu, C4 ndi C wachitatu kuchokera kumanzere. Kuwerengera pamenepo, nyimbo zambiri za kwaya zimasunga magawo m'malire awa:

```
Sopulano  C4 - G5
Aluto     G3 - D5
Tenala    C3 - G4
Besi      F2 - D4
```

Malire amenewa ndi a nyimbo wamba, ndipo nyimbo zina zimawadutsa. Mu Hallelujah ya mu Messiah ya Handel, imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742 ndipo makwaya ambiri a kuno amaiyesa pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, sopulano amafika pa A5 ndipo tenala pa A4. Koma chimene ndikufuna muone pa mndandandawu ndi mmene malirewo aloweranirana. Sopulano ndi aluto ali ndi manoti onse a pakati pa C4 ndi D5 limodzi. Tenala ndi besi amagawana manoti onse kuyambira C3 mpaka D4. Noti ya C4 magawo onse anayi amaiimba: kwa sopulano ndi pansi penipeni, kwa aluto ndi pomasuka, kwa tenala ndi pokwererapo koma pokoma, kwa besi ndi pafupi ndi denga. Ndiye kufunsa munthu kuti, "Kodi noti iyi mungaiimbe?" sikukuuzani zambiri, popeza manoti ambiri aliyense angawaimbe. Funso loyenera ndi lakuti noti imeneyo ikumveka bwanji mwa iye, ndipo angakhalepo nthawi yaitali bwanji asanatope.

Palinso chinthu china chimene mndandandawu umabisa. Magawo ndi anayi, koma mitundu ya mawu a anthu si inayi. Amuna ambiri si matenala enieni kapena mabesi enieni, ali pakati, pa mawu otchedwa baritoni. Akazi ambiri alinso pakati pa sopulano wokwera ndi aluto wakuya, pa mawu otchedwa mezo. Choncho kwa anthu ambiri funso silakuti anabadwa gawo liti, koma lakuti pa magawo awiri oyandikana ndi mawu awo, ndi liti limene angaimbe ola lathunthu mawu osasasa.

Ndiye ndingadziwe bwanji gawo langa?

Mufunika kiyibodi ndi munthu wina wa khutu labwino woti azikumverani, chifukwa munthu samva mawu ake monga mmene ena amawamvera. Musanayambe, yang'anani kuti `Transpose` pa kiyibodiyo ili pa 0. Oimba kiyibodi ambiri amazolowera kiyi imodzi n'kumasintha ndi batani limeneli, ndipo likatsala pa +2 kapena -3 kuchokera pa mapemphero a dzulo, manoti onse amene mulembe adzakhala olakwika. Dziwaninso kuti makiyibodi ena, monga a Yamaha, amatcha C wa pakati uja C3 pa sikirini, choncho werengani makiyi ndi maso m'malo modalira dzina lokha. Musayesedwe mutangodzuka, pakuti m'mawa mawu amatsika kuposa masiku onse ndipo baritoni amaoneka ngati besi. Musayesedwenso muli ndi chimfine, kapena mutangochokera kumaliro kumene mwachezera kuimba usiku wonse. Madzulo, pa nthawi ya pulakatisi, mutang'ung'udza pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu kapena khumi, ndi nthawi yabwino.

Yambirani pakati: mkazi pa E4 kapena F4, mwamuna pa E3 kapena F3. Imbani "a" motsika noti imodzi imodzi, mosafuula komanso mosanong'ona. Pansi mudzapeza manoti awiri osiyana. Ina ndi yomaliza imene ikumvekabe yodzaza, yoti munthu wokhala pa benchi la kumbuyo angaimve. Ina ndi yomaliza imene mungaitulutse mutatsitsa chibwano pachifuwa, yongokhala mpweya ndi kulira kwa kukhosi. Lembani yoyambayo, yachiwiriyo ilibe ntchito m'kwaya. Kenako bwererani pakati n'kuyamba kukwera ndi do re mi fa so fa mi re do, wa kiyibodi akukweza theka la noti ulendo uliwonse. Womvera aziyang'ana thupi lanu, osati kumvetsera kokha. Chibwano chikayamba kuloza kudenga, mitsempha ya m'khosi ikatuluka, mapewa akakwera, mphumi ikachita makwinya, ndiye kuti mwadutsa malire anu ngakhale noti ikutulukabe.

Pokwerapo mudzamva malo ena pamene mawu amafuna kusintha. Pansi amamveka ngati akuchokera pachifuwa, ndipo mukaika dzanja pamenepo mumamva kunjenjemera. Pamwamba amapepuka n'kumamveka ngati ali m'mutu. Pakati pa ziwirizi pali posinthira, pamene mawu amagwedera, kuchepa mphamvu kapena kuthyoka. Malo amenewa ndi umboni wodalirika kuposa noti yapamwamba, chifukwa amachokera m'kapangidwe ka kholingo ndipo munthu sangawasunthe ndi khama. Mwa amuna, posinthira papamwamba pamakhala cha pa D4 kwa besi, cha pa E4 kwa baritoni, ndipo cha pa F#4 kapena G4 kwa tenala. Mwa akazi pamakhala cha pa D5 kwa aluto wakuya, cha pa E5 kwa mezo, ndipo cha pa F#5 kwa sopulano. Manambalawa si lamulo, munthu akhoza kusiyana nawo ndi theka la noti, koma amaloza njira.

Mungapereke chitsanzo cha mmene kuyesaku kumathera?

Tengani makhodi anayi awa, olembedwa m'solofa monga mmene amalembedwera pa bolodi, pamene tenala ndi besi amamveka okitevu imodzi pansi pa mmene alembedwera, ndipo kachizindikiro ka pambuyo pa chilembo kakusonyeza noti ya m'munsi:

```
S: m   f   r   m
A: d   d   t,  d
T: s   l   s   s
B: d   f,  s,  d
```

Do akakhala G, sopulano akuimba B4, C5, A4, B4. Aluto akuimba G4, G4, F#4, G4. Tenala ali pa D4, E4, D4, D4, ndipo besi pa G3, C3, D3, G3. Taonani mmene aluto ndi tenala akusunthira pang'ono pokha, pamene besi akudumpha. Umu ndi mmene nyimbo zambiri za m'buku zimayendera.

Tsopano tiyerekeze bambo amene wakhala pa tenala zaka zingapo. Pomuyesa, noti yake yodzaza ya pansi ndi G2, ndipo pamwamba amakhudza G4 atalimbikira. Wina angati ndi tenala, si uyu wafika pa G4? Muimbitseni mzere wa tenala uja pa kiyi ya G, mobwereza kakhumi osapumira. Pa ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, E4 uja ayamba kumutsikira pang'ono, mawu ayamba kuuma, chibwano chakwera. Kwezani kiyi kufika pa B♭, kutanthauza `Transpose` +3. Mzere wake tsopano ndi F4, G4, F4, F4. Tenala weniweni amawala pamenepa, koma bambo uyu angofuula kapena kuthawira m'kamawu kopyapyala. Mpatseni mzere wa besi pa kiyi yomweyo, B♭3, E♭3, F3, B♭3, mudzamva mawu odzaza amene sanamvekepo zaka zonsezi. Ameneyu ndi baritoni, ndipo malo ake ndi kwa mabesi, ngakhale F2 wa pansi penipeni azimusiyira anzake.

Chimodzimodzi kwa mayi amene amaimba sopulano. Pa kiyi ya G mzere wa sopulano sumuvuta, popeza B4 ndi C5 pafupifupi mkazi aliyense amawafika. Kwezani mpaka do akhale C, `Transpose` +5, kuti mzerewo ukhale E5, F5, D5, E5. Ngati mawu ake akumasuka n'kumayandama pamwamba popanda kukankha, ndi sopulano. Ngati akufinyika, kutsika pang'ono pansi pa noti, ndipo iye akupuma pakati pa makhodi anayi okhawo, koma pa G3 ndi A3 mawu ake ndi ofunda ndi omveka kutali, ndiye kuti kwaya yakhala ikusowa aluto wabwino pamene ali nayo kale, atakhala pa benchi lolakwika. Sopulano ambiri amene amadzudzulidwa kuti amatsitsa nyimbo kapena kuimba disikodi alibe vuto la khutu. Akungoimba pamalo pamene mawu awo sangakhalitse.

Koma kwaya yathu ilibe matenala okwanira. Kodi si bwino kuti wina adzipereke?

Ili ndi dandaulo loona ndipo siliyenera kupeputsidwa. M'mipingo ya ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 kapena Area 43, makwaya ena ndi aang'ono, ndipo oimba ambiri ndi anthu a pantchito amene amafika pa pulakatisi mochedwa kuchokera ku Capital Hill kapena m'maofesi a ku City Centre. Abambo amakhala ochepa, ndipo mwa ochepawo matenala enieni ndi ocheperapo. Kwayamasitala akaona abambo asanu, amangowagawa awiri uku atatu uko kuti nyimbo iyende. Zolinga zake n'zabwino. Koma taganizani zimene amapeza: abaritoni awiri akufuula pa F4, akutsika pang'ono pa noti iliyonse yaitali, ndipo popeza tenala ali pakati pa khodi, aluto amene ali pafupi nawo amatsika nawo, sopulano n'kutsatira. Nyimbo yoyambira pa G imathera pa F#. Kwaya yataya mabesi awiri abwino n'kupeza matenala awiri ovutika.

Njira zabwinopo zilipo. Yoyamba ndi kutsitsa kiyi ndi noti imodzi. Tenala amene amayenera kukhala pa F4 ndi G4 akakhala pa E♭4 ndi F4, baritoni wopepuka angathe kupirira, bola muonetsetse kuti mabesi sanagwere pansi pa F2. Yachiwiri ndi kupempha amayi amene mawu awo ndi akuya kuti athandize manoti apamwamba a tenala, amene kwa iwo ndi malo omasuka. Yachitatu ndi kusankha nyimbo za magawo atatu, sopulano, aluto ndi abambo onse pamodzi. Magawo atatu oimbidwa bwino amamveka bwino kuposa anayi amene limodzi likudwala. Tizikumbukiranso kuti chiwerengero sichiyenera kufanana. Matenala awiri enieni amamveka bwino pakati pa anthu 20, chifukwa mawu a mwamuna akakhala chakumtunda kwa malire ake amabaya.

Kodi mkazi angaimbe tenala? Nanga mwamuna angaimbe aluto?

Angathe. Mayina anayiwa ndi mayina a mizere ya nyimbo, si mayina a amuna ndi akazi. Ku Ulaya, m'matchalitchi ambiri a makedzana akazi sankaimba m'kwaya, choncho sopulano ankaimba ndi anyamata aang'ono ndipo aluto ankaimba ndi amuna. M'matchalitchi akuluakulu ambiri a Angilikani ku England amuna oimba aluto alipobe. Kuno kwathu umboni uli pafupi. Makwaya a amayi okhaokha, monga a Chigwirizano m'Sinodi ya Nkhoma kapena a Mvano m'Sinodi ya Blantyre, amadzaza nyimbo popanda bambo ndi mmodzi yemwe, ndipo pakati pawo pamakhala amayi ogwira mzere wa pansi mwamphamvu, amene anzawo amangowatcha a besi.

Chenjezo lake ndi ili. Mkazi amene amaimba tenala chaka ndi chaka amagwiritsa ntchito mawu a pachifuwa okha, ndipo mawu ake a m'mutu amafooka chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Kwa mayi wamkulu amene mawu ake ndi akuya mwachibadwa, zimenezi si vuto kwenikweni. Koma kwa mtsikana wa zaka 15 kapena 18 amene waikidwa pa tenala kapena pa aluto chifukwa choti amagwira msanga manoti, ndi kumulanda. Chizolowezi choika odziwa solofa pa aluto ndi osadziwa pa sopulano n'chofala, ndipo chifukwa chake n'chomveka: chuni n'chosavuta kugwira, pamene mzere wa pakati umafuna khutu lokhazikika. Komabe luso la khutu limaphunzirika m'miyezi yochepa, pamene kapangidwe ka kholingo sikasintha. Si nzeru kugawa anthu potengera chinthu chimene chingasinthe n'kunyalanyaza chimene sichingasinthe.

Makolo athu ankaimba mogwirizana popanda kiyibodi kapena mayina amenewa. Kodi zonsezi si za Azungu?

N'zoona kuti Amalawi sanaphunzire kuimba pamodzi kwa amishoni. Pamaliro, paukwati, pa gule, wina amatsogolera ena n'kumavomera, ndipo aliyense amapeza yekha mzere womukwana, wina pamwamba, wina pansi. Koma tikaonetsetsa, kaimbidwe kameneka kakuchitira umboni mfundo yomwe ija. Pa siwa palibe amene amakakamizidwa kuimba noti imene sangaifike. Munthu amakhala pamene mawu ake amasuka, ndipo n'chifukwa chake anthu amatha kuimba mpaka mbandakucha. Vuto limayamba pamene mizere yalembedwa pa pepala ndipo kiyi yakhomedwa ndi kiyibodi, chifukwa tsopano woimba sangasunthe. Ngati tasankha kuimba nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu, za Misa kapena za Handel m'magawo anayi olembedwa, tiyenera kuchita mwadala chimene makolo ankachita mosaganizira, ndiko kuika munthu aliyense pamene mawu ake akhala. Kuyesa mawu si kutaya mwambo wathu, koma kubwezera woimba ufulu umene pepala linamulanda.

Kodi gawo la munthu limasintha?

Limasintha, makamaka pa ubwana ndi pa ukalamba. Mnyamata akamakula, kawirikawiri pakati pa zaka 12 ndi 15, kholingo lake limakula ndipo mawu amatsika pafupifupi okitevu yathunthu. Kusinthaku kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo pakati pake mnyamatayo akhoza kutsala ndi manoti asanu kapena asanu ndi limodzi okha odalirika. Asachotsedwe m'kwaya, komanso asakakamizidwe kukhalabe pa sopulano chifukwa choti ankaimba bwino chaka chatha. Aziyesedwa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse n'kumatsika pang'onopang'ono, kuchoka pa sopulano kupita pa aluto, kenako pa tenala, mpaka mawu atakhazikika. Mawu a atsikana nawonso amatsika pang'ono pa msinkhu umenewu ndipo kwa kanthawi amamveka ampweya, zomwe zimatha zokha. Mawu a munthu amapitirira kukhwima mpaka m'zaka za m'ma 20, choncho dzina limene wapatsidwa ali ku sekondale lisakhale la moyo wonse. Amayi ambiri akafika pa msinkhu wosiya kusamba amapeza kuti manoti apamwamba achepa. Mayi amene waimba sopulano zaka 30 akasamukira kwa aluto sanatsitsidwe udindo, ndipo kwayamasitala ayenera kulankhula naye payekha ndi mwaulemu, osati pamaso pa gulu.

Kusintha kwina n'kwa kanthawi. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi, fumbi la mu Lilongwe la Ogasiti mpaka Okutobala, utsi, kusamwa madzi okwanira ndi kufuula pa bwalo la mpira, zonsezi zimatupitsa kapena kuumitsa timinofu tija n'kuchotsa manoti apamwamba kwa masiku angapo. Musasinthe gawo chifukwa cha zimenezi. Pumulani, imwani madzi, mudzayesenso pakatha sabata.

Ndingadziwe bwanji kuti ndili m'gawo lolakwika?

Thupi limakuuzani. Mukamatuluka pa pulakatisi mawu atasasa pamene anzanu akucheza bwinobwino, kukhosi kukamawawa kapena kuuma pa nyimbo yachitatu yokha, mukamangotsegula pakamwa osatulutsa mawu pa manoti ena, kapena mukamathawira okitevu ya pansi nyimbo ikakwera, gawo lanu ndi lokwera kwambiri kwa inu. Mukamaona kuti simukudzimva nokha, mawu akungotuluka mpweya, ndipo mukukanikiza kukhosi kuti amveke akuluakulu, gawo lanu ndi lotsika kwambiri. Kuimba pamalo oyenera kumatopetsa thupi monga ntchito ina iliyonse, koma sikupweteka kukhosi. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu popanda chimfine, nkhaniyo si ya kwayamasitala, pitani kuchipatala akaone kukhosi.

Kwa inu akwayamasitala, kuyesa munthu mmodzi kumatenga mphindi khumi. Kwaya ya anthu 20 mungaimalize pa mapulakatisi awiri kapena atatu. Lembani m'kope noti ya pansi yodzaza, noti ya pamwamba yomasuka ndi posinthira pa aliyense, ndipo muzibwereza chaka chilichonse musanayambe kukonzekera nyimbo za Khirisimasi. Inu oimba amene simunayesedwepo, pemphani kuti akuyeseni pa pulakatisi ikubwerayi.